Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

M'nyumba ya kumudzi, momwe anthu angapo amagona pamphasa chitseko atachipiringidza ndi mtengo, usiku umakhala wa aliyense, koma kupotokola kwa m'mimba kumakhala kwa munthu mmodzi. Enawo ali m'tulo ndipo sakudziwa kanthu. Womva kupwetekayo akati adikire kuti wina adzuke, amuone nkhope, amufunse chimene chavuta ndi kumutsegulira, kudzacha zitaipa kale. N'chifukwa chake akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambi umenewu ndinaumva kambirimbiri ndili mwana, koma unandilowa mumtima usiku wina wa Lachitatu, ndili pabenchi ya m'chipatala mumzinda wa Blantyre, kalata yondiitanira ku intaviyu ili m'chikwama.

Ndinali nditakhala zaka ziwiri osagwira ntchito. Bungwe lina la ku Lilongwe linandiitana kuti ndikayesedwe pa ntchito yothandizira wowerengera ndalama, Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana. Zonse ndinali nditakonza. Masatifiketi anali mu envulopu, diresi nditasita, ndalama ya basi nditabwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi. Ndinawerengera kuti ndikakwera basi ya 7 koloko m'mawa, ulendo wa makilomita oposa 300 wodzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza unditengera maola anayi ndi theka kapena asanu, ndipo ndifika nthawi ikadalipo. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Cha m'ma 11 koloko usiku mwana wanga wa zaka zitatu, amene anaswera ndi thupi lotentha, anayamba kukomoka. Bambo ake anali ku Joni. Ndinamubereka kumbuyo, mnansi wathu natithamangitsira kuchipatala. Atamuyeza anati ndi malungo aakulu, namugoneka. Namwino anandifotokozera kuti alandira jakisoni woyamba pomwepo, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24, ndipo pokhapo m'pamene adzaone ngati angayambe kumwa mankhwala.

Mwana atagona, maganizo a intaviyu anabwera. Choyamba chimene chinandigwira ndi manyazi. Ndinkadziuza kuti anthu amene sanandionepo n'kale lonse akamva dzina langa koyamba lili limodzi ndi mavuto, adzati mayi uyu akadzalembedwa azidzajomba tsiku ndi tsiku. Ndinaganiza zongokhala chete, kuti mwina mwana akachira ndidzalembe kalata yofotokoza zonse bwinobwino. Gogo wina amene ankadikirira mdzukulu wake pabedi loyandikana nafe anandiona ndikutembenuzatembenuza kalata ija, ndipo nditamufotokozera anapukusa mutu.

"Mwana wanga, kodi a ku Lilongweko alota kuti uli kuno? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Auze, amve kwa iwe."

Gogoyo sanalowepo m'chipinda cha intaviyu, koma anatchula chenicheni chimene chimapulumutsa mwayi wa munthu. Vuto lenilenilo silimuchotsa munthu pamndandanda, chifukwa olemba ntchito nawonso amadwazika ana ndipo amaika maliro. Chimene chimamuchotsa ndi mpando umene wakhala wopanda munthu pomwe akuluakulu anayi akuyang'ana wotchi, osadziwa ngati woitanidwayo ali panjira, wasochera kapena wasintha maganizo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Nthawi ya 5 koloko m'bandakucha ndinatuluka pakhonde n'kulemba imelo pafoni, kuyankha pa imelo imene ananditumizira kalata yondiitanira ija, kuti woiwerenga asavutike kufufuza kuti ndine yani. Makalata otere kwathu kuno amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake zinali izi: "Mayi, ndine mmodzi mwa amene mwawaitana ku intaviyu ya ntchito yothandizira wowerengera ndalama, lero Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana. Mwana wanga wagonekedwa m'chipatala usiku wathawu kuno ku Blantyre ndipo sinditha kufika lero. Pepani kwambiri kuti ndakudziwitsani mochedwa chonchi. Ntchitoyi ndikuifunabe ndi mtima wonse. Ngati n'kotheka, ndikupempha kuti mundione mawa Lachisanu nthawi iliyonse kuyambira 11 koloko, kapena Lolemba nthawi iliyonse. Ngati masiku amenewa sangatheke, ndingathe kuyankha mafunso pafoni kapena pa Zoom. Kalata ya kuchipatala ndibweretsa ngati ingafunike. Ndikuimbirani ofesi ikatsegulidwa." Ndinatumizanso meseji yaifupi pa nambala imene inali pansi pa kalata yawo.

Kalatayo inali yaifupi dala. Sindinafotokoze mmene mwana anakomokera, za bambo ake amene ali kutali, kapena za ndalama yobwereka. Amene akuwerenga kalata yotere m'mawa wa tsiku la intaviyu ali ndi mafayilo m'manja, akuthamangitsa za chipinda ndi tiyi wa alendo. Akufuna kudziwa zinthu zinayi zokha: ndinu yani ndipo munayenera kufika nthawi yanji, chachitika n'chiyani m'chiganizo chimodzi, ntchitoyo mukuifunabe kapena ayi, ndipo mungapezeke liti. Pa zinayizi, chachitatu ndi chimene ambiri amaiwala. Munthu amalemba kuti, "Pepani, sinditha kubwera chifukwa cha zovuta zina," n'kuthera pomwepo. Kwa wolandira, mawu amenewa akumveka ngati kutsanzika. Amadula dzinalo, ndipo ngati pali wina amene anatsalira pang'ono posankha, amamuimbira kuti adzatenge malowo. Kulephera kufika ndi kuchoka pampikisano ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wopemphayo ndiye ayenera kuzisiyanitsa ndi pakamwa pake.

Chachinayi nachonso chili ndi nzeru yake. Kungofunsa kuti, "Ndiye ndichite bwanji?" ndi kutula katundu wako pamutu pa munthu amene wasenza kale wake. Kutchula masiku awiri enieni ndi njira yachitatu yoyankhulirana pafoni kumamupatsa chinthu chogwirika chopita nacho kwa wapampando. Koma masiku otchulidwawo akhale amene munthu wawawerengera ndithu. Ine ndinatchula Lachisanu chifukwa jakisoni wachitatu amayenera kubayidwa pakati pa usiku wa Lachinayi, ndipo mng'ono wanga anali atavomera kuchoka ku Thyolo kudzakhala gadiyani. Ndikanalonjeza Lachinayi madzulo pofuna kuoneka wachangu, ndikanadzalepheranso, ndipo kulephera kwachiwiri kulibe mankhwala.

Nthawi itakwana 7:30 ndinagula mayunitsi okwanira n'kuimba. Imelo ikhoza kukhala osawerengedwa mpaka masana, makamaka tsiku limene woilandirayo aswera m'chipinda cha mafunso foni atazimitsa. Mawu a pafoni amafika msanga, kalata imatsala ngati umboni, ndiye ziwirizi zimayendera limodzi. Kufulasha kuti akuimbireni iwowo, pa nkhani imene mukupempha ndinu, n'kudzichotsera ulemu. Kutuma mnzanu amene amagwira ntchito pabungwepo kuti akakunenereni n'koopsanso, chifukwa kandimverere adakanena za m'maluwa. Iye akhoza kuiwala, kuwonjezera zake, kapena kukauza munthu wolakwika, ndiponso zimaonetsa ngati mukufuna kulowera kukhomo la kuseri.

Foni inayankhidwa ndi mayi woona za antchito. Ndinadzitchula, n'kunena za imelo ija, n'kubwereza pempho langa m'mawu ochepa. Iwo anakhala chete pang'ono, ndikumva mapepala akutembenuzidwa.

"Pepani ndi matendawo, mayi. Mwanayo ali bwanji pano?"

"Wagona, mayi. Thupi layamba kuzizirako."

"Lolemba musaliwerengere. Gulu lofunsa likhala lero ndi mawa basi, ndipo mawa timaweruka masana. Ndikambirane kaye ndi wapampando, ndikuyankhani isanakwane 10 koloko."

Pa nthawiyo sindinamvetse chifukwa chake Lolemba linali losatheka pomwe ofesi imakhala yotsegula. Ndinadzamvetsa patapita zaka, nditayamba kukhala nawo m'magulu ofunsa anzanga. Intaviyu ya m'bungwe kapena kampani yaikulu sichitidwa ndi munthu mmodzi amene angakuoneni tsiku lililonse. Pamakhala anthu atatu, anayi kapena asanu: mkulu wa nthambi imene ikufuna munthuyo, woona za antchito, wina wochokera ku nthambi ina, ndipo nthawi zina wa m'bodi kapena katswiri woitanidwa kuchokera kwina. Kuwapeza onsewa tsiku limodzi kumatenga masabata, ndipo ena amakhala atachokera kutali, bungwe litawalipirira mayendedwe ndi malo ogona. Aliyense woyesedwa amapatsidwa mphindi 30 kapena 45, amafunsidwa mafunso omwewo ndi anthu omwewo, ndipo wofunsa aliyense amalemba malikisi papepala lake. Womaliza akatuluka, amaphatikiza malikisi, amaika mayina mundondomeko kuyambira woyamba, amalemba lipoti, onse n'kusainira. Akatero amabalalika.

Apa m'pamene pali chinsinsi chonse cha kupempha tsiku lina. Gululo likadali pampando, kusuntha munthu mmodzi kuchoka pa 2 koloko ya lero kupita kumapeto kwa mndandanda wa mawa n'chinthu chaching'ono, ndipo nthawi zina kumangofuna kusinthanitsa ndi wina wokhala mumzinda momwemo. Gululo likangobalalika, pempho lomwelo limasanduka phiri. Pafunika kuitananso anthu anayi chifukwa cha munthu mmodzi, kutsegula lipoti losainidwa kale, ndi kuyankha funso lovuta lakuti kodi wobwera mochedwayu sanamve mafunso kwa anzake amene analowa kale. Choncho pempho labwino limaloza mkati mwa masiku amene gulu likukhala. Funso lothandiza kwambiri pafoni ndi lakuti, "Kodi mafunsowa mukumaliza liti?" Yankho lake limakuuzani kukula kwa khomo limene latsala.

Isanakwane 10 koloko mayi aja anaimba. Anandipatsa Lachisanu nthawi ya 11:30, womaliza pa onse. Ndinalemba imelo ina ya mizere iwiri, kuthokoza ndi kubwereza tsiku, nthawi ndi malo, kuti pasakhale kusamvana. Usiku umenewo mwana analandira jakisoni wachitatu, ndipo cha m'ma 4 koloko anakhala tsonga n'kupempha madzi. Ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga, n'kukwera minibasi yoyamba kunyamuka, ndipo ndinafika pageti pawo itangokwana 10:30, diresi ili m'pepala la pulasitiki kuti ndikavalire komweko. Polowa ndinathokoza kamodzi chifukwa chondisinthira nthawi. Wapampando anafunsa za mwana, ndinayankha kuti akupezako bwino, ndipo tinalowa m'mafunso a ntchito. Sindinabwerezenso kupepesa, chifukwa mphindi zimene anandipatsa zinali zoti aone ngati ndimadziwa kuyanjanitsa mabuku a ndalama ndi sitetimenti ya kubanki.

Ntchitoyo ndinalembedwa. Patapita miyezi, mayi aja anandiuza kuti Lachinayi lomwe lija panali mnyamata winanso amene sanafike. Anamudikira mphindi 20, anamuimbira kawiri foni ili yozimitsa, kenako analemba pafupi ndi dzina lake kuti sanabwere. Lolemba m'mawa anatulukira pa ofesi, maso ali ofiira, n'kunena kuti bambo ake anamwalira Lachitatu ndipo anali kumudzi kumaliro. Zinali zoona, ndipo aliyense anamumvera chisoni. Koma lipoti linali litasainidwa Lachisanu masana. Chifukwa chake chinali cholemera kuposa changa, ndipo pamapepala ake ankaoneka wodziwa ntchito kundiposa. Chinamusowa ndi meseji imodzi, ngakhale ya pafoni yobwereka pasiwa. Nkhani yake imandiwawa mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wosweka suganiza za maofesi, komanso ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Popeza matenda ndi maliro ndi zifukwa zimene anthu amamvera chisoni msanga, ena amazibwereka. Munthu amene waitanidwa malo awiri tsiku limodzi, kapena amene bwana wake wamukaniza tchuthi, amapha azakhali ake pafoni kuti amumvere. Dziko lathu ndi laling'ono. Wofunsa mafunso kuno akhoza kukhala mlamu wa wofunsa mafunso uko, ndipo amene ananena kuti ali kumaliro ku Mzimba amaonedwa masana omwewo atavala taye ku City Centre. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Bodza limeneli likadziwika, silitseka khomo limodzi lokha, chifukwa oona za antchito amadziwana ndipo amafunsana. Pa ntchito yosunga ndalama kapena katundu, munthu wonama asanalembedwe n'komwe wadziyankhira yekha funso lalikulu kuposa onse.

Zoona zimatha kunenedwa mwaulemu popanda kuulula zonse. Amene bwana wake wamukaniza kuchoka anganene kuti pantchito pomwe ali pagwa zofunika zimene sangazisiye tsikulo, ndipo olemba ntchito ambiri amalemekeza munthu wosathawa udindo umene ali nawo. Amene waitanidwa malo awiri apemphe kusintha kumene kukuoneka kofewa, monga kampani yaing'ono kumene wofunsa ndi mwini wake yekha, n'kunena kuti ali ndi pangano lina limene analivomera kale pa ola limenelo. Asayese kuthamangira konse kuwiri m'mawa umodzi, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Amene basi yamufera pa Ntcheu aimbe pomwepo, anene pamene ali ndi nthawi imene akuyembekeza kufika, n'kupempha kuti amuike kumapeto kwa tsikulo. Ngakhale amene wasowa ndalama yoyendera angathe kunena zoona n'kupempha kuyankha pafoni kapena pa Zoom, ngakhale kuti nkhani imeneyo imamveka bwino ikanenedwa tsiku lolandira kalata, chifukwa si vuto logwa mwadzidzidzi. Umboni, monga kalata ya dokotala kapena kabuku ka kuchipatala, ndi woti munthu anene kuti ulipo n'kudikira kuti aufunse. Kutumiza zithunzi za wodwala ali pa diripi kapena za bokosi la maliro pa WhatsApp ya munthu wosamudziwa n'kumukakamiza chifundo, ndipo kumachotsa ulemu wa wodwalayo.

Chitseko chikhoza kugogodedwa bwino koma osatseguka, ndipo izi ziyenera kunenedwa mosabisa. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, koma kusinthira munthu tsiku la intaviyu kumakhalabe kukoma mtima kwa wolemba ntchito. Pali malo ena kumene kusintha n'kovuta kwambiri ngakhale atafuna. Mayeso olemba amene onse amalemba pepala limodzi pa ola limodzi sasunthidwa chifukwa cha munthu mmodzi, poopa kuti mafunso atuluka. Maintaviyu a anthu mazanamazana, ngati amene amachitika boma likamalemba anthu ambiri nthawi imodzi, amayenda ndi mndandanda umene woyankha foni alibe mphamvu yousintha. Kumeneko munthu ayese kufika ngakhale mochedwa, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo wofika masana akhoza kuonedwabe. Ndipo pamene vutolo ndi lopiririka, monga chimfine chaching'ono kapena mantha akuti sunakonzeke mokwanira, nzeru ndi kupita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsiku limene wapatsidwa lili m'manja, lopemphalo likadali m'mphepo.

Yankho lawo nalonso limafuna kulimva bwino. Akatchula tsiku ndi ola, khomo latseguka, ndipo chotsala ndi kutsimikiza polemba ndi kufika msanga. Akati akambirane kaye ndi wapampando n'kutchula nthawi yoyankhira, pempholo lili moyo. Akangoti, "Tamva, tidzakuimbirani," osafunsa kuti mungapezeke liti, nthawi zambiri ndiye kuti apitiriza ndi amene alipo. Zikatero, dikirani tsiku limodzi kapena awiri a ntchito, lembani kamodzi kukumbutsa kuti mukadali okonzeka, kenako siyani. Kuimba m'mawa, masana ndi madzulo kumasandutsa chisoni kukhala kutopa. Akakana poyera, thokozani, nenani kuti mwamvetsa, ndipo pemphani kuti akukumbukireni mpata wina ukadzapezeka. Ndaonapo woyamba pamndandanda akukana ntchito chifukwa cha malipiro, wachiwiri atapeza kale kwina, malonda a ntchito n'kutulukanso m'nyuzipepala. Pa nthawi ngati imeneyo dzina la munthu amene anakanidwa n'kuyankha mwaulemu limakumbukika mosiyana ndi la amene anatukwana kapena kungosowa.

Masiku ano ndikakhala m'gulu lofunsa, m'mawa tisanayambe ndimapempha woona za antchito kuti ayang'ane foni ndi imelo. Nthawi zambiri simukhala kanthu. Koma tsiku lina mumapezeka uthenga wolembedwa 5 koloko m'bandakucha, wa mizere isanu, wochokera kwa munthu amene usiku wamugwera ndipo akupempha malo a kumapeto. Ndikauwerenga ndimaona khonde lija la chipatala, ndi gogo uja atafunda chitenje pambali pa mdzukulu wake. Sindimudziwa wolembayo, ndipo malikisi ake adzawapeza ndi mayankho ake ngati wina aliyense. Koma ndimatembenukira kwa wapampando n'kunena kuti uyu watiuza nthawi ikadalipo, timuike womaliza mawa.